Giyabokosi ya wemu yotentha: yankho kwa achimwene ofunsa

"Giyabokosi yanga ya wemu ya 60:1 imagwira katundu yokha mota ikazima, koma imatentha kwambiri. Kodi yawonongeka?"

Achimwene, sinawonongeke, koma musaidalire ngati buleki. Munthu wina wogulitsa zipangizo anandilumbirira kuti ya 60:1 singabwerere m'mbuyo, ndipo tinaiika pa makina okwezera katundu popanda buleki. M'mawa inkagwiradi, koma madzulo ena, oilo atatentha ndipo makina ena akugwedeza nyumba yonse, tinazimitsa mota katundu ali m'mwamba. Ndinamva kulira kwapansipansi, ndinaona shafiti ya mota ikuyamba kuzungulira chobwerera, pang'onopang'ono poyamba, kenako mothamanga, ndipo mnyamata amene anali pansi anadumphira pambali chingwe chikumasuka. Wogulitsayo, osachita ndi manyazi omwe, anangoti tinachulutsa katundu, pamene kulemera kwa katundu sikumene kumachititsa kuti giya yotere izikhoma kapena ayi.

Chimene chimakhoma ndi kupendekeka kwa mzere wa wemu, shafiti ya mzere wonga wa bawuti imene imatembenuza gudumu la mano la bulonzi. Pa 60:1, pamene imazungulira ka 60 kuti gudumu lizungulire kamodzi, wemu imakhala ndi mzere umodzi wopendekeka pang'ono, tinene madigiri 4. Zitsulo zikaima, kukhulana kwake kumakhala pafupifupi 0.1, komwe ndi ngodya ya madigiri 5.7, ndipo popeza 4 ndi yochepa pa 5.7, gudumu la bulonzi silingatembenuze wemu. Koma kugwedezeka kukangosuntha wemuyo, oilo amalowa pakati, kukhulana kumatsika kufika pa 0.05, ngodya n'kukhala madigiri 2.9, ndipo popeza 4 tsopano yaposa 2.9, palibenso choletsa gudumu kutembenuza wemu.

Kutenthako kumachokera pa kukhulana komweko, chifukwa mano sagubuduzana koma amaseserana. Gawo la mphamvu lofika ku katundu limawerengedwa motere, pamene λ ndi kupendekeka kwa mzere ndipo φ ndi ngodya ya kukhulana:

```
η = tan λ / tan (λ + φ)
```

Mukaikamo 4 ndi 2.9 mupeza 0.58, kutanthauza kuti pa makilowati 1.5 olowa, oposa 0.6 amasanduka kutentha m'kabokosi kakang'onoko. Ya 10:1 ya mizere inayi, yopendekeka madigiri 20, imafika pa 0.86 ndipo imangofunda, koma sigwira katundu n'komwe.

Yezani kutentha kwa oilo, ndipo kukamayandikira madigiri 90, kapena mukaona tizidutswa tachikasu ta bulonzi pothira oilo wina, ipumitseni ndipo muyang'ane mano a gudumu. Pewani oilo wokhala ndi salufa wolusa chifukwa amadya bulonzi. Oilo wa sintetiki amachepetsa kutentha, ndipo ndikukulimbikitsani kumugwiritsa ntchito, ngakhale kuti ndi yemweyo amene amafooketsa kudzikhoma kuja. Ikani mota yokhala ndi buleki yake. Koma 60:1 musaichotse, ine ndingagulebe yomweyo, chifukwa buleki ikakanika, katundu satsika mwaliwiro ngati pa magiya ena.