Mawu atatu pa lipoti la ekisire ya mkono wothyoka

"Mayi anga azaka 62 anagwa n'kutsamira dzanja, athyoka povalira wotchi. Lipoti la ekisire likuti fupa la rediyasi ndi kominyutedi, disipulesidi, angyuletedi madigiri 20 chakumbuyo. Ndiye kuti fupalo latheratu basi?"

Ayi achemwali, silinathe, pepani ndi matendawo. Liwu lakuopsezani kwambiri ndi kominyutedi koma limangotanthauza kuti fupa lathyoka zidutswa zoposa ziwiri, ngakhale zitatu zokha amalemba choncho, sikuti lanyenyeka ngati ufa ayi.

Disipulesidi ndiye kuti zidutswazo zasemphana, sizikuyang'anizananso. Angyuletedi ndi kupindika. Tengani pensulo muithyole, mbali ziwirizo zikhoza kukhudzanabe koma zitapanga kakona, kakonako ndi kamene amayeza m'madigiri. Nthawi zambiri amakhala akunena za chidutswa chakunsonga, pamenepa ndiye chakudzanjacho.

Ine ndikagwira lipoti ngati ili maso amathamangira pa manambala. Nsonga ya rediyasi, fupa la mkono la mbali ya chala chachikulu, mwachibadwa imaweramira kuchikhatho madigiri pafupifupi 11, ndiye ngati ya mayi yayang'ana kumsana kwa dzanja madigiri 20 kuchokera pa ziro, pomwe ikanakhala yosaweramira mbali iliyonse, ndiye kuti yasuntha madigiri ngati 30 onse pamodzi, n'chifukwa chake mkono wotere ukauyang'ana cham'mbali umaoneka ngati foloko. Madokotala ambiri ikadutsa madigiri 10 chakumbuyo saisiya choncho, amabaya jakisoni wa dzanzi, kukoka, kuwongola, kenako chikhakha n'kujambulanso. Lipoti mwagwiralo mwina ndi la chithunzi choyamba asanawongole, taonani deti ndi nthawi yake musanayambe kusowa tulo.

Apa mpamene kominyutedi uja amavutira. Fupa la zidutswa zambiri, makamaka la munthu wamkulu, lilibe potsamira polimba, ndiye likhoza kukhala bwinobwino lero koma kutupa kukaphwa chikhakha chimakhwepa, zidutswa n'kutereranso mwakachetechete mayi osamva chilichonse chachilendo. Ekisire ya pakatha sabata imodzi ndi ina ya sabata yachiwiri musadumphe chonde, chifukwa masabata atatu akadutsa fupa layamba kugwirana ndipo kuwongola ndi manja kumavuta. Likakhala malo ake chikhakha chimachoka pa masabata ngati 6. Likaterera mpomwe amakamba za opaleshoni, mawaya kapena kachitsulo ndi masikuluwu, ngakhale kwa achikulire nthawi zina amangolisiya chifukwa dzanja limagwirabe ntchito olo litapindika pang'ono.

Muwerengenso ngati muli liwu loti intira-atikyula, kutanthauza kuti mng'alu walowa mpaka mu jointi. Mmenemo kusemphana koposa mamilimita 2 okha kukhoza kudzabweretsa nyamakazi, funsani adokotala zimenezo.

Koma zala zikachita dzanzi, kuzizira, kusintha mtundu, kapena ululu ukumangokwera atamwa kale mankhwala, musadikire tsiku la ekisire, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku.