Kudula nkhani yolimbikitsa ya mphindi 40 kuti ikhale kanema wa mphindi imodzi

"Abale, pa msonkhano wathu wa achinyamata panabwera mayi wina amene anayankhula zolimbikitsa kwa mphindi 40. Tinajambula pa foni, ndipo mawu onse ndawalemba, akwana masamba 9. Ndikufuna kakanema ka mphindi imodzi koti tiike pa Status ya WhatsApp ndi pa TikTok. Ndiyambire pati? Chilichonse chikuoneka chofunika."

Achemwali, musayese kufupikitsa masamba onsewo. Mukatapa chiganizo apa, china apo, mudzatulutsa mndandanda wa malangizo ngati "limbikirani", "musataye mtima", ndipo munthu akangomva zimenezo chala chimakhala chapita kale pa kanema wina. Mphindi imodzi imanyamula nkhani imodzi basi. Ntchito yanu ndi kufufuza m'masambamo malo amene mayiwo anasiya kulangiza n'kuyamba kufotokoza zimene zinawachitikira iwo eni. Nthawi zambiri malowa amayamba ndi mawu ngati "tsiku lina" kapena "chaka chimenecho", ndipo mukabwerera ku kanemayo mupeza kuti ndi pomwe anthu m'holo anasiya kunong'onezana.

Musanadule kanthu, tsegulani kanemayo, pepala lili pambali, ndipo pa ndime iliyonse lembani mphindi ndi sekondi imene yayambira, monga 17:20. Popanda manambala amenewa mudzataya madzulo onse mukusakasaka chiganizo chimodzi. Kenaka dziwani kukula kwa malo amene muli nawo. Werengani mokweza ndime imodzi pa liwiro la mayiwo, wotchi ya pa foni ikuyenda. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho ine ndikawerenga mosathamanga ndimakwanitsa mawu pafupifupi 100 pa mphindi. Pimani nokha, koma yembekezerani kuti sikiripiti yanu yonse sifika ngakhale theka la tsamba.

Ndikupatseni chitsanzo cha nkhani imene ndinaikonzapo, ya mayi wogulitsa tomato amene ankayankhula kwa amayi anzake a banki mkhonde. Anayamba ndi kulonjera a mfumu, a tcheyamani ndi alendo, zomwe n'zoyenera pa bwalo koma mu kanema sizilowa. Anakamba za kudzuka m'mawa, za kupirira, za ana asukulu. Cha pakati penipeni ndi pamene anati: "Chaka chimenecho ndinadya mpamba wonse osadziwa." Anafotokoza kuti ndalama ya oda ndi ndalama ya ndiwo ankazimanga pa mfundo imodzi ya chitenje, mwana akapempha ya kope amamasula pomwepo, mlendo akabwera amamasula pomwepo, mpaka tsiku lina atafika kopikula anapeza kuti imene yatsala sikukwana ndi dengu limodzi lomwe. Atayambiranso ndi ngongole ya ku gulu, anayamba kumanga mfundo ziwiri, ina ya mpamba imene samaimasula ngakhale kunyumba kugonedwe ndi masamba okha, ina ya phindu.

Chiganizo cha kudya mpamba chija ndinachiika poyambirira penipeni, masekondi atatu kapena anayi oyamba, popanda moni, popanda chizindikiro cha gulu, popanda nyimbo yotsogolera. Munthu akamva kuti wina anadya mpamba osadziwa amafuna adziwe kuti zinatheka bwanji, ndipo funso limenelo ndi limene limamugwira. Masekondi pafupifupi 25 otsatira ndinawapereka ku kumasulamasula kwa mfundo ija ndi tsiku la kopikula, chifukwa apa ndi pamene woonera amadziona yekha. Mfundo ziwiri zinatenga masekondi 20, ndipo kanemayo anathera pa mawu awo oti mpamba si wako, ndi wa bizinesi. Pambuyo pake anali atapitiriza ndi malangizo ena asanu abwinobwino. Ndinawasiya onse, ena anadzakhala kanema wachiwiri.

Pepala la sikiripiti ligaweni m'mizati itatu: nthawi ya mu kanema wamkulu, mawu enieni amene ayankhulidwe, ndi chimene chizioneka. Mzati wachiwiriwo uli ndi lamulo limene ndimaliumirira. Ngati mukugwiritsa ntchito zimene munajambula, mungathe kuchotsa mawu koma simungawonjezere kapena kukometsa. Ngati mukufuna ziganizo zosalala kuposa zimene zinanenedwa, ndiye kuti mayiwo ajambulidwenso akunena okha, atawerenga n'kuvomereza.

Pochotsapo pali misampha iwiri. Woyamba ndi mawu oloza m'mbuyo: "monga ndanena kale", "bambo aja", "zimenezija". M'holo aliyense ankadziwa bambo ajawo, koma woonera pa foni sanalipo. Dulani mawu otere, kapena bweretsani chiganizo chimene chinawatchula koyamba. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri, ndiwo kudula mchira wa chiganizo. Mayi wa tomato uja ananena kuti ngongole si yoipa ngati ukudziwa komwe ichokere yobweza. Kudula pa "si yoipa" kukanapulumutsa masekondi atatu, koma kukanawanamizira kuti akulimbikitsa anthu kukongola mwachisawawa, nkhope yawo ili poyera. Paliponse pamene pali "ngati", "koma" kapena "pokhapokha", werengani kawiri musanadule.

Kubwerezabwereza musakuthe konse. Anthu athu akamayankhula pagulu amabwereza mwadala, ndipo "ndinamasula, ndinamasulanso, ndinamasulanso" ali ndi mphamvu kuposa "ndinamasula kangapo". Chotsani "eee", "kaya mukundimva" ndi kutsokomola, koma kaphokoso ka omvera kovomereza ndi kachete kamene kamabwera munthu asananene chinthu chowawa muzisiye. Dulani pamene apuma mpweya, osati pakati pa liwu. Pamene mwalumikiza zidutswa ziwiri mutu wa woyankhula umaoneka ngati walumpha, ndiye mu mzati wachitatu lembani choti chiphimbe pamenepo, monga manja awo, nkhope za omvera, kapena chinthu chimene akukamba. Ife tinakajambula padera manja akumanga mfundo pa chitenje, masekondi ochepa chabe.

Kanema wa pa Status ndi pa TikTok amakhala woimirira, pa muyeso wa 9:16. Ngati munajambula foni itagona, onani kaye ngati mayiwo akhalabe pakati mukadula m'mbali. Mawu olembedwa pa kanema ndi ofunika chifukwa ambiri amaonera m'minibasi foni ili chete. Alembeni nokha mu CapCut kapena pulogalamu imene muli nayo, mawu atatu kapena anayi pa mzere, ndipo musawatsitse pansi kwambiri pomwe dzina la akaunti ndi mabatani zimaphimba. Nyimbo ngati muikamo ikhale yapansipansi, isapikisane ndi mawu.

Musanatumize kulikonse, apititsireni mayiwo kanemayo aone. Zimene munthu amaulula pamaso pa achinyamata a m'dera lake, za ngongole, za banja, za matenda, si zonse zimene angafune kuti apongozi ake kapena makasitomala ake azipeze pa foni. Akati chiganizo chakuti chichoke, chichotseni ngakhale chikhale chokoma chotani.

Akavomera, muonetseni munthu mmodzi amene sanali pa msonkhanowo, musamufotokozere kanthu, kenaka mumufunse kuti mayiwa akuti chiyani. Akayankha ndi chiganizo chimodzi chogwirizana ndi chimene munasankha, tumizani. Akayamba kufunsa kuti akunena ndani kapena zinachitikira kuti, pali mawu oloza m'mbuyo amene mwawaphonya. Akatchula nkhani ziwiri kapena zitatu zosiyana, bwererani ku pepala mukachotse zinazo.