Foni ikazima uli pakati pa Joni

Obwera kumene ku Joni ambiri amadziwa kumene akukhala kudzera pa foni basi: wina anawatumizira malo pa WhatsApp, iwo n'kumangotsata kadontho pamapu. Batire ikatha, njira nayonso yatha. Ndiye musanatuluke tsiku loyamba, lembani kapepala ndi bolopeni, mukaike m'thumba losiyana ndi la foni, kuti wakuba akatenga foni asatengere kumodzi ndi kapepalako.

Zolemba pakapepalapo ndi zimene ambiri amalakwitsa. Nambala ya nyumba ndi dzina la msewu pazokha sizikwanira. 8th Avenue iliko ku Mayfair, iliko inanso ku Alexandra, ndipo malo awiriwa ndi otalikirana kwambiri. Lembani dzina la dera, ndipo ngati muli ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, onjezani nambala ya chigawo chake, chimene kuno amati ekisitenshoni. Koma dalaivala wa minibasi, imene kuno amati takisi, sayendera manambala a nyumba. Iye amadziwa renki ndi potsikira. Funsani amene mukukhala nawo kuti takisi ya kwanu imakwerekera pa renki iti, ndiponso anthu amatchula chiyani akafuna kutsika: dzina la sitolo, sukulu kapena roboti yachingati. Pansi pa kapepalako lembani manambala awiri a foni a anthu a kuno. Nambala ya ku Malawi imene mumachezera pa WhatsApp siingakuthandizeni, palibe mlendo angakuimbireni kunja ndi mayunitsi ake.

Tiyerekeze mwagwira ganyu ku Randburg, mumagona ku Diepsloot, foni yazima cha m'ma 5 koloko madzulo mwezi wa Juni. Nthawi yozizirayi kumada isanakwane 6 koloko, ndipo matakisi amayamba kuchepa ikamadutsa 7. Ndiye chinthu choyamba kuganizira si tchaja, ndi nthawi. Ngati renki ya Randburg mukuidziwa, pitani mukakwere, foni mukatchajire kunyumba. Pa renkipo musafunse aliyense wongoima. Funani munthu amene akuimika anthu pamzere ndi kudzaza magalimoto, mumuuze dera ndi ekisitenshoni, kenako mubwerezenso kwa dalaivala musanakhale pansi. Takisi imafuna ndalama zapamanja, ndiye sungani padera zokwanira maulendo awiri, zamapepala a R10 ndi R20. Ulendo wachiwiriwo ndi wa tsiku limene mwakwera yolakwika.

Ngati mwakwera yolakwikadi, musatsikire panjira pamalo amene simukuwadziwa. Muuzeni dalaivala. Nthawi zambiri amakusiyani pamene pamadutsa takisi yoyenera, kapena mumabwerera naye ku renki. Mukaima mumsewu, chala choloza kumwamba chimatanthauza kuti mukupita m'tauni, choloza pansi ndi ulendo wa m'dera lomwelo. Zizindikiro za madera ena n'zambiri, musamangoyerekeza. M'tauni dziwaninso kuti renki imene aliyense amati Bree ili mumsewu umene zikwangwani zake zinalembedwa Lilian Ngoyi, dzina linasintha koma pakamwa pa anthu silinasinthe.

Nanga ngati simukudziwa n'komwe kumene muli? Musaime pakona kumayang'anayang'ana uku mukudinadina foni yozima. Yendani ngati munthu wodziwa kopita mpaka pamalo omwetsera mafuta, amene kuno amati galaja. Ambiri satseka usiku, pamawala, pali makamera, ndipo anyamata othira mafuta amadziwa misewu ndi matakisi a dera lawo. Gulani kanthu kakang'ono m'sitolo yake, mupemphe kutchaja. Mphindi 15 zimakwana kuyatsa foni ndi kuimba kamodzi kapena kawiri. Apa pali msampha: tchaja ya mapini atatu amakona ya kumudzi silowa m'soketi za kuno, zimene mabowo ake ndi ozungulira. Gulani tchaja ya mapini awiri ndi kaadaputala kake sabata yoyamba. Foni ikayaka ingafunenso PIN ya simu, ndipo mukaphonya katatu simu imatsekeka, ndiye muiloweze pamtima.

Tchaja ikasowa, pemphani wogulitsa kapena mlonda wa yunifolomu kuti atumize uthenga waulere wopempha kuti m'bale wanu aimbe. Pa Vodacom ndi `*140*nambala#`, pa MTN ndi `*121*nambala#`, poika nambala ya m'bale wanuyo. Anthu amavomera msanga chifukwa sizikuwadyera kanthu, makamaka ngati simukupempha kugwira foni yawo m'manja. M'bale wanuyo akhoza kukuitanitsirani galimoto pa foni yake, koma akuuzeni nambala ya galimotoyo kudzera pa foni ya wokuthandizaniyo, muilembe, ndipo musakwere ina iliyonse imene yangoima n'kunena kuti yabwerera inu.

Matakisi akatha ndipo wokutengani palibe, musayambe wapansi ngakhale mukuganiza kuti ndi pafupi. Khalani pa galajapo, kapena pemphani kudikirira pa polisi mpaka kuche. Takisi zimayambanso kuyenda mbandakucha. Pakachitika zoopsa, apolisi ndi 10111, ndipo 112 imaimbika pa foni yam'manja iliyonse ngakhale mulibe mayunitsi.