Dzina la Isake ndi kuseka kwa Sara

"Tikukonza buku la Sande sukulu kuno ku Chipata. Ana saona kugwirizana kwa dzina la Isake ndi kuseka kwa Sara. Tisinthe dzinalo?"

Ayi bambo, dzinalo lisiyeni, mipingo inalizolowera kale. Pa Genesis 17:19, pamene likuperekedwa, onjezani kuti "Isake, ndiye kuti amaseka". Musadalire mawu a m'munsi mwa tsamba, chifukwa wowerenga pa guwa amawadumpha.

Ntchito yaikulu ili pa mneni. Chiheberi chimabwereza tsinde limodzi, tsahaki, pa 17:17, 18:12 ndi 21:6, choncho inunso lembani "kuseka" ponsepo. Mukangoika "anakondwa" kapena "anamwetulira" pofuna kukometsa chiganizo, ulusi waduka.

Pa 21:6 muyenera kusankha. Mawu a Sara angatanthauze "adzaseka nane" kapena "adzandiseka", ndipo Chichewa sichinyamula zonse ziwiri pamodzi. Ine ndingatenge loyambalo, popeza mayiyo ali pa chimwemwe cha mwana.

Pa 26:8 pokha musakakamize. Tsinde ndi lomwelo, koma Abimeleki anaona pawindo zomwe zinamuuza kuti Rebeka ndi mkazi wa Isake, osati mlongo wake monga Isakeyo ananenera. Kuseka chabe mlongo amasekanso ndi mlongo wake, ndiye apa lembani kuti "ankamusisita mwachikondi".

Mukatha, werengerani ana mokweza ndimezi, muwafunse chifukwa chake mwanayo anatchedwa Isake.