Andiuza kuti ndifupikitse lipoti, koma lipotilo palibe

"Ndangoyamba kumene kuphunzira ntchito mu ofesi ina nditamaliza dipuloma yanga. Dzulo madzulo abwana anga ananditumizira imelo yoti ndilembe chidule cha lipoti lomwe aphatikiza, ndiwapatse mawa 10 koloko m'mawa. Koma mu imelomo mulibe lipoti lililonse. Ndikuopa kuwauza, angaone ngati ndikuwaloza chala. Pakompyuta ya mu ofesi ndapezapo lipoti la mutu wofanana. Kodi ndingofupikitsa limenelo?"

Ayi, limenelo musalikhudze kaye. Auzeni abwana anuwo lero lomwe, musanadye nkomwe chamasana. Koma musanalembe, tengani mphindi zisanu mutsimikize kuti fayiloyo palibedi, chifukwa nthawi zina imakhalapo koma yabisala.

Tsegulani imeloyo pakompyuta, osati pafoni pokha, ndipo mutsike mpaka pansi penipeni, kupitirira dzina ndi udindo wa wotumiza. Fayilo yophatikizidwa imaoneka ndi kachizindikiro konga kawaya kopanira mapepala. Ngati uthengawo uli mu mndandanda wa maimelo oyankhana, tsegulani akale aja mmodzimmodzi. Apa ndi pomwe mafayilo ambiri amasowera: munthu akadina Reply, fayilo yomwe inali mu uthenga woyamba siyitsagana ndi yankholo, pomwe akadina Forward imapita nawo. N'kutheka kuti abwana anu analandira lipotilo kuchokera kwa wina, nadina Reply, n'kuwonjezera dzina lanu, iwo akuliona bwinobwino kumbali yawo. Ngati mumagwiritsa ntchito Gmail, lembani izi m'bokosi lofufuzira, ndipo mukangomaliza kulemba from: muikepo adiresi yawo:

```
has:attachment from:
```

Mudzaona maimelo onse okhala ndi mafayilo omwe anakutumiziraniko. Suzumiraninso mu Spam. Chomaliza, yang'anani ngati m'kati mwa mawuwo mulibe linki. Gmail salola kuphatikiza mafayilo opitirira 25 MB, ndiye fayilo yaikulu imapita ngati linki ya Google Drive. Mukaidina n'kuona mawu oti Request access, ndiye kuti lipoti anatumizadi, chomwe mulibe ndi chilolezo cholitsegulira, ndipo pempho lanu kwa iwo lisinthe moyenerera.

Mukapeza kuti mulibedi, lembani. Mantha anuwo ndawamva, koma taganizani mmene abwanawo akuonera zinthu pakali pano. Iwo akudziwa kuti ntchito ili m'manja mwanu ndipo ikuyenda. Ola lililonse lomwe mwakhala chete akuliwerengera ngati ola lomwe mukuwerenga lipoti. Kuiwala fayilo n'kwa masekondi awiri ndipo aliyense wa mu ofesi zinamuchitikirapo. Palibe bwana wanzeru amene amapsa mtima pokumbutsidwa. Chomwe chimapsetsa mtima n'kumva mawa 9 koloko kuti munaona dzulo koma simunanene.

Uthenga wake ukhale waufupi, ndipo muyankhe pa imelo yomweyo kuti aone okha zomwe zinatuluka kwa iwo. Mwachitsanzo:

"Zikomo bwana, uthenga wanu ndaulandira. Kumbali yanga kuno lipotilo silikuoneka. Ndayang'ana mu imelo yonse ndi mu Spam koma sindinalipeze. Ndipemphe nawo kuti munditumizirenso. Likandipeza pofika 2 koloko masana ano, chidule chikhala chokonzeka mawa 10 koloko monga mwanenera. Komanso mundithandize: chidulechi chikhale chachitali bwanji, ndipo akachiwerenge ndani?"

Onani kuti palibe paliponse pomwe mwalemba kuti "mwaiwala". Si ulemu wokha ayi. Inu simukudziwa ngati anaiwaladi, kapena netiweki inaduka fayilo isanamalize kukwera, kapena makina otetezera maimelo a pa ofesi anaichotsa panjira. Chomwe mukudziwa motsimikiza n'chakuti kwa inu sinafike, ndiye nenani chokhacho. Musapepesenso kambirimbiri; mizere itatu ya "pepani kwambiri pokuvutitsani" imangokwirira pempho lenileni, ndipo munthu wowerenga pafoni ali pakati pa msonkhano salipeza. Ngati imelo ija inapitanso kwa anthu ena, dinani Reply osati Reply all. Nkhaniyi ndi ya inu awiri.

Mzere wa 2 koloko uja ndiwo wofunika kuposa yonse, ndipo ndi womwe achinyamata ambiri amausiya. Uwerengereni moona mtima. Tinene kuti lipotilo ndi la masamba 40. Kuliwerenga mosamala, mukulemba mfundo pambali, kungakutengereni maola awiri kapena atatu. Kulemba chidule cha tsamba limodzi, ola lina. Kubwereranso kukafananiza manambala ndi mayina onse ndi zomwe zili m'lipoti, theka la ola. Ndiye mukufunika maola atatu ndi theka mpaka anayi ndi theka. Mukatchula nthawi chonchi, mwawauza abwana mwaulemu kuti fayilo ikachedwa, 10 koloko ija nayonso isuntha, ndipo mwanena zimenezi nthawi ikadalipo yoti asankhe chochita.

Tsopano za lipoti lomwe mwalipeza lija. Chidule si nkhani ya zomwe inu mukudziwa pa mutuwo. Ndi mawu a chikalata chimodzi chenichenicho, ofupikitsidwa. Malipoti a mu ofesi amalembedwa kangapo asanavomerezedwe, ndipo zomwe zimasintha pakati pa loyeserera ndi lomaliza ndi zomwezo zimalowa m'chidule: manambala, masiku, ndi malangizo a kumapeto. Mutu umakhala womwewo, tsamba loyamba lomwelo, koma pa tsamba 32 ndalama zomwe zinali zongoyerekeza zasinthidwa ndi zenizeni. Abwana akatenga chidule chanu n'kukawerengera anzawo pamsonkhano, wina yemwe ali ndi lipoti lolondola m'manja adzawatsutsa pagulu. Choopsa chake n'chakuti chidule cholakwika chonchi chimaoneka chabwinobwino. Palibe angachizindikire mpaka chitachititsa manyazi.

Komabe lipoti mwapezalo lingakuthandizeni m'njira ina. Litchuleni mu uthenga wanu: "Pakompyuta ya mu ofesi ndapezapo fayilo ya mutu womwewu, ya masamba 38, yosungidwa pa 12 Malichi. Kodi ndi yomweyi?" Perekani dzina la fayilo, tsiku ndi kuchuluka kwa masamba. Abwana omwe ali panjira, opanda kompyuta, angathe kuyankha "eya" kapena "ayi" ndi chala chimodzi. Akati eya, yambanipo. Asanayankhe, mukhoza kuliwerenga kuti muzolowere nkhani yake, koma osakoperamo nambala ngakhale imodzi.

Akakhala chete kwa ola limodzi kapena awiri, musatumize imelo yachiwiri yofanana ndi yoyamba. Sinthani njira: gogodani pakhomo pawo, imbani foni, kapena tumizani uthenga wachidule pafoni wonena kuti mwawalembera imelo yokhudza lipoti la mawa. Ngati ali pa ulendo, funsani mlembi wawo kapena amene analemba lipotilo, koma mukalilandira kuchokera kwa wina muwadziwitse abwana kuti mwalitenga kwa ndani, ndi la tsiku liti. Akakuyankhani pakamwa kuti "ndituma madzulo, chidule mubweretse mkuja", bwererani pampando wanu mulembe mzere umodzi pa imelo ija wotsimikiza tsiku latsopanolo.

Fayilo ikafika, itseguleni nthawi yomweyo musanayankhe kuti mwalandira. Onani mutu, tsiku, ndipo pitani kutsamba lomaliza muone ngati lipotilo lathera pomwe liyenera kuthera. Munthu wotumiza mothamanga kachiwiri amatha kuphatikiza fayilo ina, kapena masamba osikanidwa mbali imodzi yokha, manambala a masamba akudumpha 1, 3, 5. Zikatero, mubwererenso kwa iwo ndi uthenga wonga woyamba uja, mutchule masamba omwe akusowa.