Mphatso ya bambo a kunyumba ndi K6,000 yokha

"Aphungu, bambo a kunyumba ndi a kabaza wa njinga yamoto. Kwatsala masabata awiri kuti tsiku lawo lobadwa lifike, koma ndili ndi K6,000 yokha yomwe ndapatula pa geni yanga ya tomato. Kusoka pamanja ndimatha pang'ono. Ndikuopa kuti ndikawapangira kanthu ndekha aona ngati ndawapeputsa. Mlamu wanga akuti ndikongole ndigule nsapato. Nditani?" Mayi wa ku Ndirande

Mayi, ngongoleyo musatenge. Wakatapila akakupatsani K30,000, kawirikawiri pakutha pa mwezi amafuna theka lina pamwamba, ndiye kuti K45,000, ndipo ndalamayo idzachoka pa mpamba wa tomato. Nsapato zidzavalidwa ndithu, koma pa benchi padzakhala popanda katundu, ndipo amene adzatseke dzenjelo ndi bambo omwewo.

Musanagule chilichonse, khalani masiku awiri kapena atatu mukuwayang'ana akamafika madzulo. Ndalama amazitulutsa kuti? Akabaza ambiri amaziunjika m'thumba la buluku pamodzi ndi foni ndi makiyi. Galasi la foni limakandika, ma K200 ndi ma K500 amatuluka atakwinyika, mvula ikawapeza panjira zonse zimanyowa. Ngati ndi mmene zilili kwanuko, asokereni kachikwama ka m'chiuno ka zipinda ziwiri. Mphatso imene yafika pa vuto lomwe munthu amalimbana nalo tsiku ndi tsiku safunsa kuti yagulidwa zingati, chifukwa amaona kuti munamuyang'anitsitsa.

Nsalu musagule. Tengani jinzi yakale yomwe miyendo yake ikadali yolimba, mudule chigawo cha m'munsi mwa bondo chifukwa sichiperepeseka msanga. Zam'kati gwiritsani ntchito nsalu ya ambulera yothyoka, madzi salowa msanga. Lamba chotsani pa chikwama cha sukulu chomwe chinatha, pamodzi ndi chomangira chake. Ndalama yanu ipite pa zinthu zimene dzanja lawo lizigwira: zipi ziwiri zatsopano za masentimita 20, ndi ulusi wokhuthala wofanana mtundu ndi jinziyo. Mitengo imasiyana msika ndi msika, koma gawani chonchi: K2,000 ya zipi ndi ulusi, K2,500 ya telala, K500 ya pepala lokulungira, K1,000 isungidwe kuti china chikalakwika musakhudze mpamba.

Za telala zisakudabwitseni. Kuika zipi pamanja n'kovuta, ndipo zipi yopindika ndiyo imayamba kuulula kuti chinthu chapangidwa mothamanga. Inu dulani, lumikizani, kongoletsani, iye angodutsitsa makina pa zipi ndi pomwe lamba wagwira. Mphatsoyo ikadali ya manja anu.

Podula, ikani foni yawo pa pepala, mujambule mozungulira, muwonjezere masentimita atatu mbali zonse. Yambani mwasoka pa kansalu kachabechabe kuti muone ngati foni ikulowa ndi kutuluka mosakakamiza. Ambiri amadumpha apa, kenaka n'kupeza kuti chikwama chachepa nsalu yabwino atadula kale. Jinziyo muichape ndi kuisita musanadule, ndipo msoko uliwonse mukamaliza muusitenso. Simbi ndi imene imasiyanitsa chinthu chooneka cha m'sitolo ndi chooneka cha pakhonde. Nsonga za lamba muziwaule pang'ono ndi machesi kuti zisasosoke. Mukatha, tembenuzani kachikwamako muone m'kati: ulusi uliwonse wolendewera mudule, zipi muitsegule ndi kuitseka kangapo, muikemo makiyi n'kugwedeza kuti muone ngati pali pothothoka.

Pa zokongoletsa ndikupempheni kudziletsa. Ndaonapo ntchito yabwino itaonongeka ndi mikanda, maluwa ndi mitima yomata ndi guluu, mwini wake n'kuchita manyazi kuivala pa siteji pamaso pa anzake. Zilembo ziwiri zoyamba za dzina lawo, zosokedwa ndi ulusi m'kati mwa kachikwamako momwe aziona okha, n'zokwanira.

Tsikulo musapereke mu jumbo, komanso musapereke ali pa liwiro lopita kuntchito. Kulungani bwino, dikirani adye, ana agone. M'chipinda cha ndalama muikemo kapepala kolemba pamanja, mawu ochepa onena chimene munaona, monga akuti: "Ndinaona foni yanu itanyowa tsiku lija munabwera ndi mvula." Ndipo pakamwa panu pasatuluke mawu oti "pepani, ndalama inalibe." Mukapepesa, mwawauza nokha kuti alandira cholowa m'malo mwa mphatso yeniyeni, pamene mwawapatsa chinthu chomwe pa msika wonse wa Limbe palibe chosokedwa pa muyeso wa foni yawo.

Anzawo pa siteji akafunsa komwe achigula n'kufuna kuti muwasokere chawo, werengerani zonse musanatchule mtengo: zipi, ulusi, telala, jinzi ndi lamba zomwe ulendo umenewo mudzagula pa kaunjika, ndi maola amene mwasiya tomato kuti musoke.