Bokosi anagula, pepa sananene

"Amuna anga amagula chilichonse chofunika pakhomo, koma sanandiuzepo kuti amandikonda, ndipo sakhala pansi kuti ticheze. Ndikadandaula amati ndine wosayamika. Kodi vuto ndi ine?"

Achemwali, mawu akuti wosayamika amenewo ndinauzidwapo pamaso pa anthu, ndipo mpaka lero ndikawamva mtima umandipweteka. Vuto si inu, mwinanso si bambowo, ngakhale kuti ine zinatengera maliro a mayi anga kuti ndizindikire zimenezi.

Mayi anamwalira usiku wa Lachiwiri kumudzi kwathu ku Ntcheu, ife tikukhala ku Area 25 mu Lilongwe. Uthenga utangofika, bambo a kunyumba anadzuka osanena kanthu, anatenga foni n'kutuluka panja. Pofika m'mawa anali atapeza galimoto, atalipira bokosi, atagula matumba awiri a ufa, shuga, mchere ndi ndiwo. Ulendo wonse wa pamsewu wa M1, kudutsa Dedza mpaka kukafika kumudzi, iwo anakhala kutsogolo ndi dalaivala akuyankha mafoni, ine ndili kumbuyo ndikulira ndekha. Titafika pasiwa ndinalowa m'nyumba momwe munali amayi, ndipo kwa masiku awiri sindinawaonenso kumaso.

Mwambo wathu ndimaudziwa, kuti abambo amachezera panja pamoto pomwe amayi amakhala m'nyumba ndi thupi, choncho sindinkayembekezera kuti adzakhale pamphasa pakati pa amayi. Ndinkangofuna kuti atume mwana adzandiitane, tikaime kuseri kwa nyumba kamodzi kokha, andiyang'ane n'kunena kuti pepa. Mawu awo ndinkawamva panja, akufunsa ngati adzukulu alandira chakudya kumanda ndiponso ngati nkhuni zikwanira usiku wonse, ndipo nthawi iliyonse akayandikira khomo ndinkadzutsa mutu poganiza kuti tsopano akundifuna, koma ankangodutsa. Tsiku loika maliro, pamene bokosi linkatsitsidwa m'manda, mawondo anga anafooka ndipo ndinagwa. Amene anandidzutsa anali mayi wina wa kumpingo yemwe ngakhale dzina lake sindinkalidziwa. Amuna anga nthawi imeneyo anali kumsewu akukambirana ndi dalaivala za mafuta obwererera. Madzulo omwewo ananyamuka chifukwa cha ntchito, osadikira kusesa, ndipo ndalama zanga zoyendera anasiya m'manja mwa mchimwene wanga.

Nditabwerera kutauni ndinakhala milungu itatu ndikuwayankha mawu amodziamodzi, mpaka nkhani inafika kwa ankhoswe. Pamenepa ndiye panandiwawa koposa. Azakhali awo a bambo, omwe sanaitanidwe n'komwe koma anangotsatira nkhoswe ya kuchimuna, anayamba kuwerenga pazala bokosi, galimoto ndi ufa, kenako anandifunsa ngati pepa amadyedwa. Ananena kuti akazi ena amaikitsa makolo awo ndi ngongole za katapila, ndipo ine ndine wosayamika woti ndatopa ndi mtendere. Amalume anga enieni, omwe ndinkadalira kuti andiyankhulira, anangoweramitsa mutu n'kunena kuti ndipepese. Ndinagwada n'kupepesa, ine mwini maliro, mayi anga asanathe mwezi m'manda. Azakhali amenewo ndimawapatsa moni mwaulemu tikakumana, koma zimene ananena sindinaziiwale.

Patapita miyezi ingapo, usiku wina magetsi atazima, bambo anayamba okha kufotokoza za maliro a bambo awo, omwe anamwalira iwo ali kusukulu ya pulayimale. Pakhomo panalibe ndalama ya bokosi, moti achibale anazula chitseko cha nyumba kuti apeze matabwa, ndipo anthu obwera kudzalira anabalalika ndi njala. Iwo analumbira kuyambira tsiku limenelo kuti wawo aliyense sadzaikidwa mochititsa manyazi chotero. Kuthamangathamanga konse kuja kunali kulira kwawo, ndiponso inali pepa yawo kwa ine. Anandiuzanso kuti masiku awiri aja sanadye nsima, ndipo panalibe amene anawafunsa, kuphatikizapo ine. Ndinasowa chonena, ngakhale kuti mbali ina ya mtima wanga inkati munthu woferedwa sangakhale ndi udindo wofunsa ngati ena adya.

Mlangizi wina wa mabanja wa ku America, Gary Chapman, analemba buku mu 1992 lomwe limati anthu amapereka ndi kulandira chikondi m'njira zisanu: mawu oyamikira, nthawi yokhala limodzi, mphatso, kumugwirira mnzako ntchito, ndi kukhudzana. Sindikhulupirira kuti munthu aliyense ali ndi njira imodzi yokha, chifukwa ine pamaliro ndinkafuna mawu ndi dzanja londigwira, pomwe mwana ali wakhanda ndinkafuna wondichapira matewera kuposa wondiuza zokoma. Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu amapereka chimene iye angakonde kulandira, ndipo dandaulo lomwe amalibwerezabwereza ndi lomwe limaulula njala yake.

Tamvetserani bwino mawu a bambo anuwo. Akamati ndinu wosayamika, sakunena kuti mwasowa ulemu ayi, akunena kuti thumba la makala lija, fizi ya ana ija ndi loko wa pachitseko amene anakonza, zonsezo anakupatsani ngati chikondi ndipo inu munazilandira ngati udindo wamba wa mwamuna. Inunso mukamati sacheza nanu, iwo amamva ngati mukuti thukuta lawo lonse ndi lachabe. Abambo ambiri a msinkhu wathu sanamvepo bambo awo akuuza mayi awo kuti ndimakukonda, ndipo pachilangizo anauzidwa za kudyetsa ndi kuveka banja, osati za kucheza.

Choncho yambani ndinu kuyamika, inde ngakhale mawuwo akukuwawani monga anandiwawira ine. Musangoti zikomo wachizolowezi uja, koma tchulani chinthucho, kuti mwaona kuti anakumbukira mankhwala a mwana musanawauze. Mukatero kwa milungu iwiri kapena itatu, pemphani chanu, ndipo chikhale chaching'ono choti angachigwire. Mawu akuti simundikonda samupatsa munthu chochita, amangomuputa kuti awerenge zimene wagula. Ine ndinapempha kuti Lamulungu lililonse madzulo tizikhala pakhonde theka la ola, mafoni atatsala m'nyumba, ana akusewera panja. Masabata oyamba ankangokamba za mitengo ya simenti, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya, koma pakhonde pomwepo ndi pamene tsopano amandifunsa za kuntchito kwanga. Kwa ankhoswe musathamangireko ndi nkhani yotere, chifukwa iwo amadziwa kuweruza milandu ya njala, chiwerewere ndi ndewu, ndipo ya kusungulumwa m'nyumba modzaza katundu ambiri saimva.

Koma muonetsetse chinthu chimodzi. Ngati katunduyo amagulidwa pambuyo pa kukutukwanani kapena kukumenyani, kapena ngati ndalamazo amakukumbutsani pofuna kukutsekani pakamwa pa nkhani ya chibwenzi, imeneyo si njira ina yoonetsera chikondi ndipo malangizo angawa sakukhudzani. Mwamuna amene amakonda pogwira ntchito mumamudziwa poti mukapempha kanthu kakang'ono amayesetsa, ngakhale mochita manyazi.

Ine pepa wa tsiku lija sindinamulandirebe mpaka pano. Chaka chatha anakamangitsa chiliza pamanda a mayi osandiuza, ndinangomva kwa mchimwene wanga, ndipo nditawafunsa anangoti simenti inali itatsala.